Kwa Amake Dalitso, pa tsiku lanu lomaliza pa makina a pawindo

Lusaka, Lachisanu, 28 Novembala 2025

Amake Dalitso, mng'ono wanga,

Anzathu anandipempha kuti ndidzalankhule masana ano tikamadya limodzi, poti ine ndiye wamkulu pa tebulo lodulira nsalu. Ndidzalankhula pang'ono chabe, chifukwa ndikudziwa kuti mawu adzandithera pakhosi. Zambiri ndalemba muno kuti mukawerenge kunyumba ana akagona.

Ndikukumbukira mmene munabwerera mu 2014, mutangochoka ku Katete, Dalitso ali kumsana. Anakupatsani ntchito yosita ndi yosokerera mabatani, pakona paja pamatentha ngati pa mbaula mu Okutobala. Nthawi ya nsima anthu ankatuluka, inu n'kutsala. Munkabwera pa tebulo langa kudzatola tizidutswa ta nsalu totaya, n'kundifunsa chifukwa chake kolala ina imagona bwino pakhosi pamene ina imaimirira ngati khutu la kalulu. Tsiku lina ndinakupezani mutasula shati yonse yomwe inakanidwa, mwaiyala pansi chidutswachidutswa kuti muone pomwe wodula anaphonya. Munaphapezadi: dzanja limodzi linadulidwa mopingasa ulusi wa nsalu. Madzulo ake ndinauza bambo a kunyumba kuti kuntchito kwabwera mtsikana amene sadzakalambira pa nsimbi.

Choncho pamene munandinong'oneza mu Ogasiti kuti mwapeza kachipinda kotsegulamo shopu yanuyanu yosoka pafupi ndi msika wa ku Mtendere, sindinadabwe. Mantha ndiwo anandigwira, ndisaname. Ndinagona usiku umenewo ndikuwerenga m'mutu lendi, ulusi, makala a nsimbi, fizi ya ana. Koma kutacha ndinadzuka ndi mtima wopepuka, ndipo mpaka lero sunalemerenso.

Ndamva zimene ena akhala akukuuzani, ndipo sakunena mwa nkhanza. Akuti fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Akuti malipiro, ngakhale achepe, amabwera pakutha pa mwezi, mvula igwe kapena isagwe. Akunena zoona, ndipo inu mukuzidziwa kuposa iwo. Ichi ndicho chimene ndikukulemekezerani. Munalipo mu Januwale 2024 pamene kolera inachedwetsa kutsegulira masukulu mpaka pa 12 Febuluwale, mayunifomu ataunjikana mpaka kudenga, wobwera kudzatenga palibe. Munalipo chaka chomwecho pamene madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumapita tsiku lonse, ife n'kumabwera kudzasoka usiku akangobwera. Munaona ndi maso anu mmene bizinesi imadwalira popanda mwini wake kulakwa chilichonse. Munthu amene sanaonepo zimenezi akatsegula shopu, timangoti Mulungu amuthandize. Inu mwaziona zonse, mwakhala pansi n'kuziwerengera, ndiye mwanyamukabe. Kulimba mtima kotere sindinakuonepo kawirikawiri pa zaka zonse zimene ndagwira sizasi.

Ndiponso simunadumphe mwachimbulimbuli. Zaka 3 mwakhala mukuponya chilimba osaphonya mwezi ngakhale umodzi, ngakhale mwezi umene munapita kumaliro a amalume anu kumudzi. Boma litalola mu 2023 kuti anthu atengeko gawo la 20 pa 100 la ndalama zawo za penshoni za ku NAPSA, ambiri a ife tinalipira ngongole, ena anafolera nyumba, ndipo palibe amene analakwa. Inu munagula makina a ovaloko n'kuwaphimba ndi chitenje kuchipinda, kudikira tsiku lake. Chilimba chitafika pa dzina lanu munagula makina opalasa ndi mapazi, aja akale achitsulo, anthu n'kumaseka kuti mwabwerera kwa agogo. Lero ndani angaseke? Magetsi akapita, oyandikana nanu adzakhala pakhonde, inu mukupalasa. Munakana ndalama za kaloba ngakhale zinali pafupi. Munapita nokha ku PACRA kukalembetsa dzina la shopu, mwatenga TPIN yanu ku ZRA, ndipo mapepala a ku khonsolo mwayamba kale kuwayendera. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo ine kadumphidwe kanu ndakhala ndikukaona mwezi ndi mwezi.

Pali nkhani imodzi yomwe ndikufuna muimve kuchokera kwa ine, musaimve m'makona. Wina anandifunsa sabata yatha ngati sizikundiwawa kuti amene ndinamuphunzitsa kugwira choko ndi tepi akukakhala bwana, ine n'kutsala pa tebulo lomweli. Funsolo ndinalitenga n'kupita nalo kunyumba, chifukwa sindinafune kuyankha ndi pakamwa pokha. Mu 2013, chaka chomwe anachotsa maziro atatu pa kwacha, nanenso ndinali nditaona kachipinda ku Chilenje. Nthawi yomweyo bambo a kunyumba anayamba kudwala, ana anayi onse ali pasukulu, ndipo ndinasankha malipiro a pamwezi. Ndinasankha ndi maso otsegula. Malipiro amenewo anagula mankhwala, anaphunzitsa ana onse, ndipo Tiyanjane lero ndi namwino. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimathokoza Mulungu. Komanso ine ndimakonda kudula. Nsalu zikayalidwa mulu, patani ili pamwamba, sizasi n'kumalowa mwakachetechete, mtima wanga umakhala pamalo pake. Kukambirana mitengo ndi makasitomala ndi kuthamangira maoda si mphatso yanga, ndi yanu. Ndiye ndinabwerera kwa wondifunsa uja n'kumuuza kuti ayi, sizikundiwawa. Ndikumva ngati mayi amene mwana wake wakwera basi ya ku koleji: m'nyumba muchepa munthu, koma ndi zimene ankapempherera.

Mundilole ndinene zochepa monga mkulu wanu, ngakhale zambiri mukuzidziwa kale.

Chimene chimagwetsa matelala ambiri amene ndawaona si salaula. Salaula tinakhala nayo kuyambira kalekale, yadzaza ku Soweto ndi ku City Market, koma mayi wofuna diresi la chitenje lomukwana bwino m'chiuno sadzalipeza m'belo. Chimene chimagwetsa ndi manyazi. Adzabwera a mumpingo, adzabwera achibale ochokera kumudzi, adzabwera ngakhale ena a ife, aliyense ndi mawu okoma akuti ndidzakupatsani pakutha pa mwezi. Inu muli ndi mtima wofewa, ndimakudziwani. Munkabwereketsa ndalama ya basi n'kuyenda wapansi kuchokera m'tauni. Musadule nsalu ya munthu asanapereke theka. Nenani mukumwetulira, koma nenani. Ndipo ndalama ya shopu ikhale ndi thumba lakelake, yosiyana ndi ya ndiwo. Muzidzilipira nokha ngati wantchito, pa tsiku lodziwika, ndipo mukapitirize kuponya ku NAPSA ngakhale pang'ono, poti tsopano palibe wokudulirani.

Chachiwiri ndi lonjezo. Telala amadziwika ndi bodza la "bwerani mawa", ndipo ndi dzina loipa limene tonse timalisenza. Ngati diresi lidzatha Lachinayi, nenani Lachisanu. Munthu amene wapeza chovala chake chitasitidwa, chitapachikidwa, pa tsiku lomwe munamuuza, adzakubweretserani mpingo wake wonse.

Mwasankha nthawi yabwino yotsegulira. Disembala ndi wa maukwati ndi Khirisimasi, kenaka Januwale ndi wa mayunifomu, ndipo chiyambire maphunziro aulere mu 2022 ana m'masukulu a boma achuluka. Ku Mtendere, ku Kalikiliki ndi ku Kalingalinga ndiye osanena. Koma Febuluwale ndi Malichi adzakhala chete, mvula ili pakati, anthu ndalama zitathera ku sukulu. Masiku amenewo musadzaganize kuti mwalakwitsa. Kuno kumakhalanso chete, kungoti simunkaona buku la ndalama. Muikeko pambali za mu Januwale. Ndipo mukamapita ku Kamwala kukagula nsalu ya yunifomu, muzitenga kachidutswa kaye, mukakachape ndi sopo, mukayanike padzuwa. Ina imaoneka bwino pa mpukutu koma imasuluka pakuchapa kwachiwiri, ndipo kholo silidzadandaula za wogulitsa nsalu, lidzatchula dzina lanu.

Tidzakusowani. Makina a pawindo adzapatsidwa wina Lolemba, ndipo ndidzamulandira bwino, koma kwa masiku angapo ndidzakhala ndikutembenuka kuti ndikufunseni ngati mwaona choko changa. Tidzasowa nyimbo za Chitsitsimutso zomwe munkang'ung'udza ntchito ikathina, ndi nsinjiro zomwe munkatibweretsera mukabwera ku Kulamba mu Ogasiti. Atsikana awiri atsopano aja, amene munawaphunzitsa kuika zipi popanda kukwinya nsalu, akhala akulira kuyambira Lachitatu. A Tembo a ku sitolo ya nsalu, amene salankhula zambiri, anandipempha kuti ndilembe kuti simunawabisirepo ngakhale mita imodzi pa zaka 11. Ndalemba monga ananenera.

M'katoni imene tikupatseni masana muli nsimbi ya makala, maulusi a mitundu ya mayunifomu a kwanuko, ndi buku lalikulu lolembamo miyezo ya makasitomala. Zimenezo tasonkha tonse, mpaka alonda a pageti. Chokulungidwa m'chitenje chobiriwira n'changa ndekha. Ndi sizasi yanga yoyamba, imene ndinagula ndi malipiro anga oyamba, ndipo ndakainoletsa sabata ino. Ndi yolemera, poyamba idzakupwetekani chala chachikulu, koma dzanja lidzazolowera. Musadulire pepala, ndipo ana asaikhudze.

Zikadzavuta, musadzabisale. Anthu ambiri akachoka pantchito amachita manyazi kuonekera zinthu zikathina, amaopa kuti tidzati tinanena. Ine sindidzanena zimenezo. Mukadzalandira oda yaikulu yoposa manja anu, ndiitaneni, Loweruka masana ndimakhala ndilibe chochita ndipo ndidzabwera kudzakudulirani. Mukadzakhala tsiku lonse osalowa munthu, ndiimbireninso, tidzacheze mpaka mtima utsike.

Tsono nayi oda yanu yoyamba yochokera kuno. Tiyanjane akukwatiwa mu Epulo, ndipo diresi langa la tsikulo ndikufuna lisokedwe ndi inu, pamodzi ndi la azakhali ake awiri. Ndibwera Loweruka pa 6 Disembala ndi zitenje, cha m'ma 14 koloko, ndikwera basi ya ku Mtendere n'kutsikira pamsika. Mudzandiuze mtengo weniweni, womwe mungauze mlendo, ndipo theka ndidzapereka tsiku lomwelo musanagwire tepi.

Mupereke moni kwa atate ake a Dalitso, amene ndamva kuti apenta okha kachipindako ndi kukhoma mashelefu. Mulungu akutsogolereni Lolemba pamene mukatsegule chitseko.

Ndine mkulu wanu pa tebulo lodulira,

NaMbewe, Amake Tiyanjane