Mwina mawa

Ayi sindiyang'ananso foni. Batire yatsala 9% ndipo akati zotsatira za MSCE zatuluka ine foni itazima ndiye nditani, kotchajitsa ku Ngabu amatsegula 7 koloko. Ndiyike pansi pa pilo basi ndigone.

Koma Esnart walemba pa gulupu kuti asuweni ake a ku Zomba amva kuti MANEB yamaliza zonse kwangotsala kuti a nduna alengeze, ati mwina mawa. Sabata yatha analinso yemweyu ndi mawa wakeyo, ndinakhala pa wayilesi ya agogo kuyambira nkhani za m'mawa pa Zodiak mpaka dzuwa kulowa, nsima kulephera kumeza, kulibe chilichonse. Ndiye lero ndimukhulupirire chifukwa chani. Koma nanga akakhala kuti ulendo uno akunena zoona.

Kukutentha abale. Mphasa yomweyi ikuotcha kumsana ngakhale tagona panja, neti yamata pakhungu, udzudzu ukulirabe kukhutu kaya walowera pati. Amayi akupuma bwinobwino apa, kapena akungonamizira kugona ngati ine, sindikudziwa. Madzulo anandiyang'ana nthawi yaitali ndikutsuka mbale osanena kanthu, kenako anangoti wadya pang'ono bwanji. Akanandikalipira bola.

Ndiwerengenso. Chichewa 3, pamenepo ndilibe nkhawa. Agirikatcha 3, mwinanso 2 chifukwa funso la thonje lija ndinalemba mpaka pepala kudzadza, tizilombo, kupopera, kugiredi, zinthu zoti ndakula ndikuchita ndi manja angawa. Bayoloje 4. Jogalafe 5. Masamu 6 Mulungu akandikomera mtima, apo ayi 7. Zikukwana 21, kuonjezapo Chingerezi.

Chingerezi.

Mtima wayambanso kuthamanga. Ndikapeza 6 ndiye 27 pointi, makirediti sikisi ndi Chingerezi chomwe, fomu ya NCHE ndikhoza kulemba ngakhale 27 ndi yambiri, anthu a ku sukulu zogonera konko amabwera ndi ma 12 ma 15 ndiye ine wa CDSS andione ndani. Komabe dzina likhala kuti lalowa. Ndikapeza 7 satifiketi ndatenga koma za yunivesite ndiiwale, mwina za luso la manja. Ndikapeza 9 palibe chilichonse. Ngakhale ndikhoze zina zonse, ngakhale agirikatcha ndipeze 1, Chingerezi chikagwa MSCE palibe, zaka 4 zonse zija zopalasa njinga kudutsa mchenga wa mu mtsinje m'mawa uliwonse zingothera pa nambala imodzi. Aphunzitsi ankatiuza kuyambira Fomu 3 kuti Chingerezi ndiye chimagwetsa anthu, ife nkumangoti eya sala.

Kompozishoni ija ndinasankha yolemba nkhani ndipo ndinalemba za usiku umene madzi analowa m'nyumba nthawi ya Freddy, 2023, ndili Fomu 2. Ndinalemba zoona zokhazokha, mmene tinanyamulira agogo, mmene makope anga onse a JCE anasandukira phala, mmene tinakagonera m'kalasi pa sukulu ya pulayimale masabata ambirimbiri sukulu zitatsekedwa. Ndinkalemba dzanja likunjenjemera ndipo mawu amangobwera okha. Koma ndiye pamenepo ndi pamene pali vuto, mawu amabwera m'Chichewa ine nkumawatembenuza, matensi ndinasakaniza ndikudziwa, pena pasiti pena prezenti. Ochonga amaona nkhani kapena amangowerenga zolakwika? Munthu wachonga mapepala mazanamazana watopa, akafika pa langa amva chisoni ndi agogo anga kapena angodula mizere yofiira mpaka pansi? Ndipo kodi ndinakwanitsa mawu amene amafuna aja? Ndinawerenga kamodzi ndinapeza akwana, koma ndinawerenga mothamanga invijileta atanena kale kuti kwatsala mphindi 10.

Nambala ya mayeso ndinalemba pa pepala loonjezera lija? Ndinalemba. Ndikukumbuka ndikulemba. Kapena ndikukumbuka za pepala la jogalafe. Ayi ndinalemba, mayi aja anadutsa mzere wonse akuona manambala asanatolere, akanandiuza. Anaima pa desiki yanga, anavala nsapato zakuda zafulati, anagwira pepala langa nkupitirira. Ndiye kuti inalipo. Koma anatsegula mkati?

Basi Tadala siya. Pepalalo lili ku Zomba, palibe chimene ungasinthe uli pa mphasa pano.

Chimene chikundipweteka kwambiri si ineyo ayi, ndi mbuzi zija. Ziwiri, ina inali ndi bere. Amayi anazikoka okha mpaka ku msika kuti alipire fizi ya teremu yomaliza ndi ya mayeso, anabwera madzulo mapazi atatupa atamanga ndalama pa nsonga ya chitenje, nkundipatsa osawerenga nkomwe pamaso panga. Malume ananena pomwepo kuti mlongo mukutaya chuma, mwana wamkazi sukulu yake imathera kukhitchini, ndipo amayi anangoti achimwene mbuzi ndi zanga. Mawu amenewo ndimawamva tsiku lililonse. Ndikalephera malume sadzanena kanthu, adzangobwera kudzakhala pansi pa mtengo wa nimu uja nkumafunsa mofatsa kuti nanga zotsatira zayenda bwanji mphwanga, akudziwa kale. Kenako iyambanso nkhani ya bambo wa golosale wa ku Bangula uja amene anatumiza kale mawu kawiri. Ine sindikufuna. Sindikufuna ndithu, ndili ndi zaka 18 zokha ndipo munthuyo ana ake ena ndi amsinkhu wanga. Amayi anakana koma adzakana mpaka liti ngati ndilibe pepala loti aloze kuti mwana wanga akupita uku.

Kubwereza? Ndalama yake ichokera kuti, khola latsala ndi kamwana kamodzi, mapira chaka chino sanachite bwino, ku dimba chimanga chikungodalira chinyontho cha m'mbali mwa Shire ndipo mvuu zikalowa usiku umodzi ndiye kwatha. Achimwene ali ku Nchalo amadula nzimbe koma ntchito yake ndi ya nyengo, ali ndi mkazi ndi khanda, sindingawauzenso kuti ndilipirireni kachiwiri. Iwonso analemba Fomu 4 yomweyi, anapeza 9 Chingerezi chomwechi. Anali anzeru kuposa ine masamu, anthu ankabwera kudzawafunsa. Tsiku limene anakaona zotsatira anabwera nkulowa m'nyumba osayankhula masiku awiri, ine ndili Sitandade 7 ndinkangodabwa kuti munthu wamkulu akulira chani. Pano ndamvetsa.

Mwina ndakhoza. Tiyeni tinene kuti ndakhoza. Moko ndinapeza 5 Chingerezi ndipo aphunzitsi anati moko amachonga mowuma dala kuti tisagone. Noti meking'i ndinaimva bwino, mutu ndinaupeza, mfundo ndinazisanja. Litiretcha mafunso awiri anali omwe tinakambirana ndi Esnart pansi pa mtengo wa bwemba kutatsala masiku ochepa. Ndiye 9 ichokera pati? Singachoke paliponse. Ndikhoza kupeza 27, mwinanso 24 masamu akandidabwitsa, nkulemba LUANAR, za ulimi, kukwera minibasi kudutsa pa mlatho wa Kamuzu, Thabwa, kukwera zitunda zija mpaka Blantyre kenako Lilongwe, ati kumazizira kumeneko mpaka munthu kugona ndi bulangete. Ndidzabwere kuno ndili mlangizi ndi njinga yamoto, ndidzagulire amayi mbuzi osati ziwiri koma khola lonse, malume adzaone.

Ayi ndisaganize choncho, ukakonzekera zabwino ndi pamene zimakutembenukira. Chaka chatha mtsikana wa kutchalitchi kwathu uja aliyense ankati 15 pointi, mpaka anayamba kufunsa mitengo ya masutikesi, zinatuluka 34. Pano amagulitsa masau ndi malambe pa siteji ndipo akandiona amayang'ana kumbali. Ine ndidzayang'ana kuti? Mudzi wonse ukudziwa kuti ndinalemba, ku mjigo azimayi amandiitana kuti a Fomu 4, ena mwachikondi ena kaya. Ngakhale ana a Sande sukulu akudziwa.

M'mimba mukupota. Si njala, kapena ndi njala, masana ndinangodya mbamu ziwiri ndi kachidutswa ka mlamba. Agogo anandiona ndikukankha mbale nkunena m'Chisena chawo kuti pinadzakhala mwadidi mwananga, kundisisita kumutu ngati kamwana. Iwo sadziwa kuti kirediti nchani, pointi nchani, amangodziwa kuti mdzukulu wawo amawerenga ndi tochi mpaka tambala kulira ndiye sangalephere. Ndikanakonda ndikanakhala ndi chikhulupiriro chawocho ngakhale theka.

Ambuye mukudziwa kuti ndinawerenga. Sindinabere, ena ankanong'onezana za likasa ine ndinakana, munaona. Sindikupempha 6 pointi ayi, ndikupempha 6 pa Chingerezi basi, yokhayo. Ngati pali pamene wochonga akukayika pakati pa 6 ndi 7 mumugwire dzanja. Koma anachonga kale, zinalowa kale mu kompyuta, ndiye pemphero la lero lisintha chani? Pepani Ambuye sindikutanthauza choncho. Inu mumadziwa zonse zisanachitike ndiye mwina munamva kale pempheroli nthawi imene ankachonga ija.

Ndipo ndikapita bwanji kusukulu kukaona? Ndekha. Ayi ndi Esnart. Ayi ndekha, chifukwa iye akakhoza ine nkulephera adzafuna kusangalala nkumadzigwira chifukwa cha ine, ndipo ine ndikakhoza iye nkulephera ndiye njira yonse yobwerera tiyankhulana chani. Tinalonjezana kuti tikaonera limodzi koma nthawi imeneyo zinali kutali. Ahedi amakhala ndi pepala lalitali lija pa tebulo, amatsata ndi rula dzina ndi dzina, ndipo ati umadziwiratu poona nkhope yawo asanayankhule. Ndikangolowa ndiyang'ane pansi. Ndiwapemphe kuti asawerenge mokweza, angondionetsa mzere wanga, ndiyambire kuona Chingerezi zinazo pambuyo.

Foni yanjenjemera. Ndisaione. Mwina ndi uthenga wa bandulo kuti yatha. Nthawi ino 2 koloko ya usiku palibe nduna imene ingalengeze kanthu. Koma ndingoona kamodzi.

Esnart. "Uli maso?"

Ndili maso mwali. Ndimuyankhe kuti chani, ndikayankha tiyamba kuwerengerana mapointi mpaka batire kutha. 7% tsopano. Ndamulembera kuti eya, usandisiye mawa tipitire limodzi zikatuluka, ndipo udzere kuno ndi njinga chifukwa yanga tayala lakumbuyo laphwa. Wati ok ndifika 6 tikatchajitse kaye. Ndizimitse foniyi, nditunge madzi kusanache kuti akamafika ndikhale nditamaliza, ndipo wayilesi ya agogo ndiyike mabatire aja ndinabisa mu chikwama cha sukulu.