Nyimbo ya pamalo otsazikana ku Nkhotakota

Achimwene,

Ndakutumizirani kachigawo ka filimu kamene tinakambirana Loweruka kaja, fayilo yake ndi `kutsazikana_v3.mp4`. Ndi ka mphindi 2 ndi masekondi 10. Muyambe mwakaonera kawiri katatu musanakhudze chingwe.

Kukucha, m'mwezi wa Julayi, mwera ukuomba. Ilala yaima patali ndi gombe monga imachitira pa Nkhotakota, ndipo anthu akupita ndi boti kukakwera. Mtsikana akunka kukayamba ntchito ya unamwino ku Likoma. Bambo ake, msodzi wosayankhulayankhula, amuperekeza. Akumupatsa kaphukusi ka usipa wouma kokulunga m'nyuzipepala, iye akulandira ndi manja awiri atanyonyomala pang'ono. Mawu a m'chigawo chonsechi ndi awiri okha: "Uyende bwino."

Ndikupempha chinthu chimodzi. Nyimboyo isawalirire anthuwa. Bamboyo akudziletsa kulira, nayonso nyimbo idziletse chimodzimodzi. Tidayesa kuikapo ya piyano yongogwirizira, ndiye mayi anga ataonera adafunsa kuti wamwalira ndani. Palibe maliro apa, mwanayu adzabwera pa Khirisimasi.

Ndikufuna bangwe yekha, womukodola chingwe chimodzichimodzi, osati kukwapula zonse pamodzi. Mawu a munthu ayi, ngakhale kung'ung'udza. Ng'oma ndi zisekese zikhale kaye. Kaligo ndikumukayikira chifukwa sachedwa kumveka ngati mayi akubuma, koma ngati mtima wanu ukumufuna, mujambuleni payekha tidzamuyese.

Mphindi yoyamba musiyire mafunde ndi phokoso la anthu onyamula katundu. Mulowe pa `00:01:04`, pomwe mtsikanayo akuvula nsapato n'kuzigwira m'manja kuti alowe m'madzi. Mulowe mwakachetechete, woonera asadziwe kuti mwayamba liti. Liwiro mutengere mafundewo. Pakati pa mawu a bangwe pazikhala mpata woti nyanja izimveka. Kanyimbo kafupi, ka mawu anayi kapena asanu, kobwerezabwereza, kangati kamene munthu amaimba mumtima akusoka ukonde.

Pa `00:01:38` sitima ikuliza hutala. Chonde mukunge zingwe zanu molingana ndi hutalayo kuti zisakangane, ndipo ikamalira inu mukhale chete.

Kumapeto kamera yatsala pa bamboyo. Sakubayibitsa, akungopukuta manja pa kabudula ngakhale ndi ouma. Pamenepo, pa `00:01:57`, nyimbo ilekere panjira, osafika pa liwu lomwe khutu likuyembekeza. Masekondi 13 otsalawo ndi a mphepo.

Mutumize ngati `WAV`, `48 kHz`, `24-bit`, choimbira chilichonse pa fayilo yakeyake, chosathira maeko. Amenewo tidzaonera limodzi posakaniza mawu. Kulira kwa chala pa waya musakufufute, ndimakukonda.

Ndingakondwe kumva koyesera pofika Lachisanu, ngakhale kojambula pa foni. Theka la ndalama tinagwirizana ija ndikutumizirani mawa.

Ndine mlongo wanu,
Wotsogolera filimu