Hemogulobini amanyamula bwanji okosijeni, nanga amamutula bwanji?

Ophunzira anga a Folomu 4, Lachinayi belu linalira ndisanayankhe funso limene mnzanu wa pa benchi ya kumbuyo uja anafunsa. Iye anati: "Aphunzitsi, ngati hemogulobini amagwira okosijeni mwamphamvu m'mapapo, n'chiyani chimamuchititsa kuti amusiye akafika m'minofu?" Funsoli landikhala m'mutu sabata yonse. Ndalemba yankho lake kuti muliwerenge mofatsa tisanakumane Lolemba.

Choyamba muone vuto limene hemogulobini amathetsa. Okosijeni sasungunuka bwino m'madzi. Mu mamililita 100 a magazi, amene amangosungunuka payekha ndi pafupifupi mamililita 0.3, ndipo munthu sangakhale ndi moyo ndi kochepa kotere. Koma galamu imodzi ya hemogulobini imanyamula mamililita 1.34 a okosijeni. Munthu amene ali ndi magalamu 15 m'mamililita 100 a magazi amanyamula mamililita pafupifupi 20. N'chifukwa chake munthu amene kuchipatala amuuza kuti magazi ndi ochepa amachita befu pokwera kachitunda kakang'ono, ngakhale mapapo ake alibe vuto. Mpweya amaukoka ndithu, koma hemogulobini woti aunyamule ndi wochepa.

Hemogulobini ndi puloteni yokhala m'maselo ofiira a magazi, ndipo selo limodzi limakhala ndi mamolekyulu ake pafupifupi 270 miliyoni. Molekyulu iliyonse ili ndi zigawo zinayi zolumikizana, ziwiri zotchedwa alefa ndi ziwiri zotchedwa beta. M'chigawo chilichonse muli kathumba, ndipo m'kathumbamo muli himu, kamkombero kafulati kokhala ndi atomu imodzi ya ayironi pakati. Okosijeni amamatirira pa ayironi ameneyu. Ndiye kuti molekyulu imodzi ya hemogulobini ili ndi malo anayi, ndipo imanyamula mamolekyulu anayi a O₂.

Mwina mukufunsa kuti puloteni yaikulu chonchi ndi yachiyani, popeza wogwira okosijeni ndi ayironi. Ganizirani khasu losiyidwa pamvula. Ayironi wosatetezedwa akakumana ndi okosijeni amachita dzimbiri, ndipo dzimbiri silibwezanso okosijeni amene latenga. Ayironi wa m'himu ayenera kukhalabe Fe²⁺. Akasanduka Fe³⁺ sagwiranso okosijeni. Kathumba ka puloteni kaja kamamutchingira kuti agwire okosijeni popanda kuonongeka, komanso kuti amugwire mosakanirira.

Yankho la funso lija lili m'maonekedwe a hemogulobini, amene ali pawiri. Akakhala wopanda okosijeni, zigawo zinayi zija zimamangana zolimba, ndipo maonekedwe amenewa akatswiri amawatcha T. Ali mu T safulumira kugwira okosijeni. Akadzaza, zigawo zimamasuka, ndipo maonekedwe amenewa ndi R, amene amagwira okosijeni mwamphamvu. Max Perutz, amene ankagwira ntchito ku Cambridge, anatha zaka zoposa 20 akufufuza mapangidwe a molekyuluyi. Anawapeza mu 1959 pogwiritsa ntchito hemogulobini wa hatchi, ndipo mu 1962 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi John Kendrew.

Kusintha konseku kumayamba ndi kusuntha kwakung'ono kwambiri, ndipo ineyo mpaka lero kumandizizwitsa. Mu T, atomu ya ayironi siikhala ndendende pakati pa mkombero wa himu, imatulukira pang'ono mbali imodzi. Okosijeni akamatirira mbali inayo, ayironi amalowa pakati pa mkombero. Mtunda umene wasunthawo ndi pafupifupi nanomita 0.04, wosakwana ngakhale kukula kwa atomu imodzi. Koma ayironiyo ndi wolumikizika ku kachidutswa ka puloteni kotchedwa hisitidini. Akasuntha amakoka hisitidini, hisitidini amakoka gawo la puloteni limene iye alipo, ndipo kukokanako kumafika mpaka pamene alefa ndi beta zimakhudzana. Timfundo timene tinamanga T timaduka. Kenako alefa imodzi ndi beta yake zimatembenukira limodzi madigiri pafupifupi 15 poyerekeza ndi ziwiri zinazo, ndipo molekyulu yonse imakhala R.

Amene munatolapo nkhuni mukudziwa kuti pa mtolo womangidwa zolimba, kusolola nkhuni yoyamba n'kovuta, koma ikachoka luzi limakhwepa ndipo zotsalazo zimangotuluka. Hemogulobini amachitanso chimodzimodzi. Okosijeni woyamba amalowa movutikira, koma kulowa kwakeko kumamasula malo enawo, moti wachinayi amalowa mosavuta kwambiri. Potula zimayendanso choncho: mmodzi akachoka, molekyulu imayamba kubwerera ku T, ndipo otsalawo sachedwa kuchoka.

Izi ndi zimene zimapinda galafu ya m'buku lanu, yosonyeza mmene hemogulobini amadzazira malinga ndi mphamvu ya okosijeni, kuti ioneke ngati chilembo S. M'mapapo mphamvu ya okosijeni ndi pafupifupi 100 mmHg, ndipo hemogulobini amadzaza mpaka 97 kapena 98 pa 100. M'minofu ya munthu amene wangokhala ndi pafupifupi 40 mmHg, ndipo amatsala ndi 75 pa 100, kutanthauza kuti watula gawo limodzi mwa anayi. M'miyendo ya munthu amene akupalasa njinga pamtunda, mphamvuyo imatha kutsika kufika pa 20 mmHg, ndipo hemogulobini amatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Onani kuti pakati pa 40 ndi 20 galafu imatsetsereka kwambiri. Okosijeni akangochepa pang'ono m'mnofu, hemogulobini amatula wambiri.

Mnofu nawonso umathandizira. Ukamagwira ntchito umatulutsa CO₂ ndi asidi, ndipo umatentha. CO₂ ndi H⁺ wochokera mu asidiyo zimamatirira pa puloteni, osati pa ayironi, n'kulimbitsa timfundo ta T, choncho okosijeni amachoka msanga pamalo pomwe akufunikira kwambiri. Christian Bohr wa ku Denmark ndi anzake anafotokoza mphamvu ya CO₂ imeneyi mu 1904. Magazi akabwerera m'mapapo CO₂ amatuluka, T amafooka, ndipo hemogulobini amadzazanso. M'selo lofiira mulinso kamolekyulu kotchedwa 2,3-BPG, kamene kamalowa m'kampata ka pakati pa mabeta awiri n'kugwira hemogulobini kuti akhalebe mu T. Hemogulobini wa mwana wosabadwa ali ndi zigawo za gama m'malo mwa beta, ndipo sagwira bwino 2,3-BPG. Motero amakoka okosijeni mwamphamvu kuposa wa mayi ake, ndipo umu ndi mmene mwana amapezera mpweya ali m'mimba.

Pali chinthu china chimene ndikufuna mukafotokozere makolo anu, popeza June wayandikira ndipo anthu ayamba kulowetsa mbaula m'nyumba. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa kaboni monokosaidi, CO, mpweya wosaoneka ndiponso wosanunkha. CO amamatirira pa ayironi yemwe uja mwamphamvu zoposa za okosijeni maulendo oposa 200. Kulanda malo si vuto lokhalo. CO akakhala pa malo amodzi kapena awiri, amakankhira molekyulu yonse ku R, choncho okosijeni amene ali pa malo otsalawo amakanirira ndipo satsika m'minofu. N'chifukwa chake munthu amene theka la hemogulobini wake lagwidwa ndi CO amakhala pangozi yaikulu kuposa amene hemogulobini wake wangochepa ndi theka. Mutu umawawa, amamva chizungulire, ndipo ngati ali mtulo akhoza osadzukanso. Mbaula isagone m'chipinda chimene mwagona anthu, ndipo munthu akayamba kumva zizindikirozi mutulutseni panja msanga n'kuthamangira naye kuchipatala.

Lolemba aliyense abwere atajambula galafu ya S m'kope mwake. Pa galafu yomweyo mujambulenso mzere wa magazi amene ali m'mnofu wotentha wodzaza CO₂ ndi mzere wa mwana wosabadwa, ndipo mulembe ziganizo ziwiri zofotokoza chifukwa chake wina wapita kumanja, wina kumanzere.