Masiku 14,616 a Ukwati wa Bambo ndi Mayi Athu

Bambo ndi mayi, agogo, amalume ndi azakhali, abale anga, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kuti mudzasangalale nafe, ndakupatsani moni, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha mwayi woti ndiyankhule m'malo mwa ana anayi a m'banja lino monga mwana woyamba kubadwa.

Pa makalata amene tinakuitanirani tinalembapo kuti tikukondwerera zaka 40 za ukwati, ndipo sitinaname. Komabe ine ndinaleredwa ndi mphunzitsi wa masamu amene sankalola yankho longoyerekeza, choncho ndaona kuti ndi bwino ndinene chiwerengero chenicheni. Bambo ndi mayi anamanga ukwati wawo Loweruka pa 17 Ogasiti 1985, ndipo lero ndi Loweruka pa 23 Ogasiti 2025. Kuchokera pa tsiku limenelo kufikira lero papita masiku 14,616.

Ndikuona bambo akufufuza pensulo m'thumba la jekete, choncho ndiloleni ndionetse njira imene ndayendamo, monga ankatiuzira tili ana kuti yankho lopanda njira yake ndi lakuba. Zaka 40 za masiku 365 chilichonse zimapereka masiku 14,600. Koma m'zaka zimenezi mwezi wa Febuluwale unakhala ndi masiku 29 kakhumi, kuyambira 1988 mpaka 2024, kamodzi pa zaka zinayi zilizonse, kuphatikizapo chaka cha 2000, chimene chinalandira tsiku lowonjezeralo chifukwa chimagawika ndi 400, pamene chaka cha 1900 sichinalandire. Tikawonjezera masiku khumiwo tikufika pa 14,610, ndipo chimenecho chinali chiwerengero cha Lamulungu lapitali, tsiku lenileni lokumbukira ukwati. Popeza tinadikira masiku ena asanu ndi limodzi kuti abale akutali afike, lero tafika pa 14,616, amene ndi masabata 2,088 ndendende, osatsalako ngakhale tsiku limodzi. Bambo, ndikudziwa kuti mufuna kuwerengera tsiku la ukwati lenilenilo kuti akwane 14,617, ndipo tsiku limenelo ndakupatsani ngati mphatso, koma mkanganowo tiumalizire kunyumba.

Ine ndinabadwa pa 3 Juni 1987, ukwatiwu utatha masiku 655. Za masiku amenewo sindingachitire umboni, ndimangomva kwa azakhali kuti m'nyumba munali mipando iwiri yokha, ndipo mlendo akafika mmodzi wa eni nyumba ankaimirira ngati ali ndi chochita kukhitchini. Koma masiku 13,961 otsalawo ndinalipo, ena ndili kumsana, ena ndikusuzumira pa chitseko, ndipo ndi amenewo amene ndikufuna kuwanenapo.

Pamene ndinkakonza mawuwa, mchimwene wanga Chikondi anandifunsa ngati sikoyenera kuchotserapo masiku amene bambo ndi mayi sanali pamodzi. Ankanena za zaka ziwiri, kuyambira 1991 mpaka 1993, zimene bambo anali kutali kukawonjezera maphunziro. Ndinakana, ndipo chifukwa chake chili m'kabokosi kachitsulo kamene mayi amasunga pansi pa zovala zawo. M'kabokosimo muli makalata amene bambo ankalemba sabata iliyonse, omangidwa ndi kansalu kobiriwira kamene tsopano kanasuluka, ndipo pa ngodya ya kalata iliyonse bambo ankalemba masiku otsala kuti abwerere. Mayi anandilola kuona ngodya zokhazo, ataphimba zina zonse ndi chikhatho. Munthu amene akuwerenga masiku otsala kuti aonane ndi mkazi wake sanachoke m'banja, ndipo sindikanatha kumulanda masiku amenewo.

Sindinachotsenso masiku atatu a mu 1998 amene awiriwa sankayankhulana. Bambo ndi mayi, mundikhululukire poulula zimenezi pagulu, koma ine ndi amene ndinali mtumiki wanu, ndili ndi zaka 11, ndipo malipiro anga sindinalandirebe. Mayi ankati, "Kawauze bambo ako kuti madzi osamba afunda," ndipo bambo ankati, "Kawauze mayi ako kuti ndamva," chonsecho onse awiri ali m'chipinda chimodzi. Nthawi imeneyo ndinkaopa kuti banja latha. Ndinazindikira nditakula kuti m'masiku atatu onsewo madziwo ankafundabe m'mawa uliwonse, ndiponso kuti bambo ankapukutabe nsapato za mayi usiku monga mwa chizolowezi chawo, ngakhale kuti ankazipukuta atakwinya nkhope. Chimene chinayambitsa mkanganowo palibe amene amachikumbukira, kapena tinene kuti palibe amene amavomera kuti akuchikumbukira.

Masiku amene ndikuwalemekeza koposa ndi 19 a mu 2009, pamene mayi anagonekedwa m'chipatala ndipo madokotala sankatilonjeza chilichonse. Nthawi yoona odwala ikatha, tonsefe tinkabwerera kunyumba, koma bambo ankatsala pa benchi ya panja pa wodi ndi makope a ana asukulu pamiyendo, nachonga mpaka usiku. Tsiku lina ndinawapeza atagona chokhala, cholembera chofiira chili m'manja, tsamba limene ankachonga litadzaza ndi mzere umodzi wokhotakhota umene dzanja linajambula tulo titawagwira. Nditawapempha kuti apite akapume, anandiyankha mwachidule kuti, "Akadzuka asandisowe." Mayi anadzuka, sanawasowe, ndipo ndi awa akhala apawa akundiyang'ana ndi diso lija londichenjeza kuti ndatalikitsa.

Pali tsiku linanso limene ndinalifufuza mwadala. Ukwatiwu unakwanitsa masiku 10,000 Lachitatu pa 2 Januwale 2013. Ndafunsa aliyense m'banjamu chimene chinachitika tsiku limenelo, ndipo palibe amene akukumbukira kanthu. Panalibe chikondwerero, panalibe chithunzi, panalibe mlendo. Ndikuganiza kuti mayi anadzuka m'mamawa, bambo anafunsa kumene kuli magalasi awo ali nawo pamphumi, ndipo madzulo anakhala pakhonde n'kumacheza za ife ana mpaka kunada. Ambiri mwa masiku 14,616 anali otere, ndipo ndi m'masiku oterewo mmene ife anayi tinadyetsedwa, tinaphunzitsidwa, tinadzudzulidwa, mpaka tinakula ndi kupeza mabanja athu. Adzukulu asanu ndi awiri amene akuthamangathamanga kumbuyoko sakudziwa kuti akudya zipatso za masiku amene palibe anawalemba.

Mayi, tikukuthokozani chifukwa cha kuleza mtima kumene sitinkakuona tili ana, poti tinkaganiza kuti ndi mmene amayi onse amakhalira. Bambo, tikukuthokozani chifukwa simunachitepo manyazi kutionetsa kuti mumawalemekeza mayi, ngakhale pamaso pa anzanu. Ife ana anu tikulonjeza pamaso pa anthu onsewa kuti masiku amene akubwera tidzakusamalirani monga momwe munatisamalira.

Popeza tsiku la 10,000 linatidutsa osalizindikira, la 15,000 lisatidutsenso. Latsala ndi masiku 384, ndipo lidzakhala Lachisanu pa 11 Seputembala 2026. Chikondi walonjeza kuti adzakonza malo, ndipo nonse amene muli muno mwaitanidwa kale.

Tsopano ndikupempha kuti tonse tiimirire, kupatula bambo ndi mayi, amene lero ali ndi mipando yowakwanira, ndipo tikweze matambula athu polemekeza masiku awo 14,616, kapena 14,617 malinga ndi kuwerenga kwa bambo. Zikomo kwambiri.