Ndondomeko yanga yokonzekera mayeso a chiphaso cha unamwino

Kwatsala masabata 10 kuti ndilembe mayeso, ndipo pa sabata iliyonse ndimagwira ntchito usiku masiku anayi, kuyambira 7 koloko madzulo Lolemba mpaka 7 koloko m'mawa Lachisanu, masiku otsalawo n'kupuma.

Ndikaweruka m'mawa sindidzatsegula buku, chifukwa zimene munthu wawerenga maso akulemera sizikhazikika m'mutu. Ndidzagona kuyambira 8:30 mpaka 3:30 masana, m'chipinda chamdima, foni nditazimitsa, ndipo khofi ndidzaleka kumwa ikamakwana 2 koloko usiku kuti asandisokonezere tulo. Kuyambira 4 koloko mpaka 5 koloko ndidzayankha mafunso 25 a mayeso akale, n'kulemba m'kope funso lililonse limene ndalakwa pamodzi ndi chifukwa chake. Kuwodi ndidzanyamula timakadi tokumbutsira basi, towerenga pa nthawi yopuma yokha, pakuti odwala sayenera kudikira chifukwa cha mayeso anga.

Lachisanu ndi logona ndi kucheza ndi banja. Mitu yatsopano ndidzaiphunzira Loweruka ndi Lamlungu, maola anayi pa tsiku, ndikumapumira pakatha mphindi 50 zilizonse.

Masabata awiri oyambirira ndawapatulira mankhwala ndi masamu ake, chifukwa apa ndi pamene ndimafooka, komanso ndi pamene kulakwitsa kungaike moyo wa wodwala pachiswe. Tsiku lililonse ndidzachita masamu asanu a mlingo wa mankhwala ndi a dripi mpaka nditazolowera. Mwachitsanzo, mamililita 1,000 oyenera kulowa m'maola 8 kudzera pa chingwe cha madontho 20 pa mililita amawerengedwa motere: 1,000 × 20 ÷ 480, pakuti maola 8 ndi mphindi 480, zimene zikupereka madontho pafupifupi 42 pa mphindi.

Sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi za odwala akuluakulu ndi opareshoni: mtima, mapapo, impso, matenda a shuga, ndiponso kuzindikira wodwala woyenera kuthandizidwa poyamba, kuyambira pa njira ya mpweya, kapumidwe, kenako kayendedwe ka magazi. Yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chiwiri ndi za uchembere ndi ana, mitu imene sindikumana nayo kuwodi kwathu, choncho ndidzapempha mnzanga wa uzamba kuti azindifunsa mafunso Lamlungu madzulo. Yachisanu ndi chitatu ndi ya matenda a maganizo, kupewa kufala kwa matenda, ndi malamulo a ntchito yathu.

M'sabata yachisanu ndi chinayi ndidzalemba mayeso athunthu oyeserera kawiri, m'mawa, ndikuyang'ana wotchi. Popeza mayeso enieni adzalembedwa dzuwa likuwala, ndapempha kale mkulu wa wodi kuti m'sabata yomaliza ndikhale pa tchuthi, kuti thupi lizolowerenso kugona usiku. M'sabata imeneyo ndidzangobwereza za m'kope la zolakwa, ndipo tsiku loti mawa ndi mayeso ndidzatseka mabuku 12 koloko masana.