Kukhala pa benchi la pa kiliniki kunathandiza: 14 pa 100, pomwe kwina anali 50 pa 100

Amayi, abambo ndi achinyamata a mumpingo mwathu kuno ku Harare, a komiti ya zaumoyo anandipempha kuti ndiwerenge kafukufuku wa Friendship Bench, ntchito ya benchi la pa kiliniki yothandiza ovutika maganizo, ndi kumufupikitsa m'Chichewa, kuti aliyense athe kutumizira abale ake pa foni. Uthenga woti mutumize ndi uwu, ndipo ndikupempha kuti muutumize wonse osachotsapo chiganizo:

"Maganizo akukulemerani? Pa kiliniki pali benchi. Kafukufuku wa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare anapeza kuti mwa anthu ovutika maganizo amene anakambirana mavuto awo ndi agogo ophunzitsidwa bwino, 14 pa 100 alionse ndi amene anali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa patatha miyezi 6. Mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse, anali 50 pa 100. Benchi linathandiza ambiri, koma osati onse, ndipo sililowa m'malo mwa mankhwala anu. Amene akuganiza zodzipha mupite naye kuchipatala lero lomwe."

Zotsatirazi ndi za amene akufuna kudziwa komwe manambalawa achokera, makamaka inu amayi a chigwirizano amene mudzafunsidwe mafunso m'milaga.

Ntchitoyi anaiyambitsa ndi Dokotala Dixon Chibanda, katswiri wa matenda a maganizo, ku Mbare m'chaka cha 2006. Chaka cha 2005 chinali cha Murambatsvina, pamene nyumba ndi misika ya anthu ambirimbiri inagwetsedwa, ndipo ambiri a ife sitifunika kuuzidwa mmene mitima ya anthu inalili nthawi imeneyo. Madokotala a maganizo anali owerengeka m'dziko lonse. Koma makiliniki a khonsolo anali kale ndi amayi achikulire amene ankayenda m'makomo kuphunzitsa za ukhondo ndi zaumoyo. Amenewa ndiwo anaphunzitsidwa luso lokambirana ndi munthu wosweka mtima, nayamba kukhala pa benchi lathabwa pabwalo la kiliniki.

Kuti anthu ankatamanda benchilo sunali umboni wokwanira. Munthu amatha kupepukidwa yekha pakapita nthawi, ngongole ikabwezedwa kapena mwana akachira. Choncho pakati pa Sepitembala 2014 ndi Meyi 2015 anachita kafukufuku woyerekeza magulu awiri, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu Disembala 2016 m'magazini ya madokotala ya ku Amereka yotchedwa JAMA. Makiliniki 24 anagawidwa mwa maere: 12 akhale ndi chithandizo cha pa benchi, 12 apitirize chithandizo cha nthawi zonse, koma odwala ake apatsidwenso uphungu ndi chidziwitso cha matenda a maganizo. Maerewo ndi ofunika kwambiri, chifukwa palibe amene anasankha makiliniki oyenda bwino kuti benchi lioneke lamphamvu. Gulu la pa benchi linali ndi anthu 286, gulu linalo 287.

Kuti munthu alowe m'kafukufukuyu, ankayankha mafunso 14 a inde kapena ayi okhudza sabata yapitayo: ngati akumaganiza mopitirira muyeso, ngati tulo sitikubwera, ngati akumalira, ngati ntchito za tsiku ndi tsiku zikumukanika. Mafunsowa anakonzedwera kuno komwe m'Chishona, ndipo pa mapepala a kiliniki amalembedwa SSQ-14. Amene wayankha inde ka 9 kapena kuposa ndiye ankatengedwa. Ndiye kuti onse 573 anayamba ali olemedwa ndithu.

Chimene chinkachitika pa benchipo ndi chimene ndikufuna tichimvetse, chifukwa apa ndi pamene nkhani imapotokera ikamadutsa pakamwa pa anthu ambiri. Sikunali kucheza wamba, ndipo agogowo sankauza munthu zochita. Ankakumana naye mpaka maulendo 6. Poyamba munthuyo amakhuthula zonse zimene zikumudya: lendi, sukulu fizi, mwamuna wachiwawa, matenda, maliro. Kenako amasankha yekha vuto limodzi loti ayambe nalo. Awiriwo amafufuza njira zimene zingatheke, munthuyo n'kusankha imodzi, n'kupangana kuti achita chiyani ndipo liti. Ulendo wotsatira amaona ngati zatheka, ndipo ngati zakanika amayesa njira ina. Eni ake amatchula masitepe amenewa m'Chishona kuti kuvhura pfungwa, kusimudzira ndi kusimbisa, kutanthauza kutsegula maganizo, kukweza mtima ndi kulimbikitsa. Munthu amene mavuto amuunjikira amakhala ngati wasenza mtolo wa nkhuni womangidwa ndi luzi limodzi: sangauponye wonse, koma ukamasulidwa amatha kuchotsa nkhuni imodzi imodzi. Atakumana ndi agogo kangapo, ankaitanidwanso kulowa gulu la anzake odutsa m'zomwezo, lotchedwa Circle Kubatana Tose, kumene amalimbikitsana uku akuluka zikwama za mapulasitiki akale. Agogowo nawonso anali ndi owayang'anira, ndipo munthu akaoneka kuti wafika poipa ankamutumiza kwa owayang'anirawo.

Patatha miyezi 6, anthu 521 anapezeka n'kufunsidwanso. Pa mafunso 14 aja, a pa benchi ankayankha inde pafupifupi ka 4 tikatenga pakatikati, pomwe a gulu linalo ankayankha inde pafupifupi ka 9. Pa mafunso ena oyeza matenda okhumudwa, 13.7 peresenti ya a pa benchi ndi amene anali ndi zizindikiro, poyerekeza ndi 49.9 peresenti ya gulu linalo. Manambala amenewa ndi amene ndawalemba kuti 14 ndi 50 mu uthenga uja. Kusiyanako ndi kwakukulu, ndipo ine chimene chimandikhudza n'chakuti kunapezeka m'makiliniki athu omwewa, pakati pa anthu oyenda pa kombi ndi ogulitsa tomato ngati ife, osati kudziko lakutali.

Ena mwa inu munandiuza kuti tilembe kuti "anthu 86 pa 100 anachira", chifukwa zikumveka bwino komanso ndi masamu omwewo. Ndakana. Choyamba, anthuwa analowa m'kafukufuku kudzera pa mafunso 14 aja, amene amayeza nkhawa ndi kukhumudwa pamodzi, ndiye si onse amene poyamba anali ndi matenda okhumudwa pa muyeso wachiwiriwo. Sitinganene kuti munthu wachira matenda amene mwina analibe. Chachiwiri, ngakhale m'gulu lopanda benchi theka la anthu analibe zizindikirozo pa miyezi 6. Tikati benchi linachiritsa 86, ndiye kuti talipatsa ndi ulemu wa anthu amene akanakhala bwino popanda ilo. Gawo la benchi ndi kusiyana kwa 50 ndi 14, kumene ndi anthu pafupifupi 36 pa 100. Limeneli ndi lalikulu kale. Chachitatu, mawu oti kuchira amanena za mpaka kalekale, pomwe kafukufukuyu anasiyira pa miyezi 6. Ndiponso chimene ankayeza ndi mayankho a munthu pa mafunso, osati chigamulo cha dokotala amene wamupima. N'chifukwa chake ndalemba kuti "zizindikiro".

Mawu oti "ophunzitsidwa bwino" nawonso musawachotse, ngakhale akutalikitsa uthenga. Tili ndi agogo anzeru mumpingo muno, ndipo makutu awo apulumutsa mabanja ambiri. Koma kafukufukuyu sanayeze malangizo a agogo aliyense. Anayeza njira yoikika, ya masitepe ake, yochitidwa ndi anthu amene anaphunzitsidwa ndipo ali ndi kotumiza odwala. Tikalemba kuti "kucheza ndi agogo kumachotsa matenda a maganizo", mtsikana wina adzapita kwa munthu amene adzangomuuza kuti pirira, banja ndi choncho, ndipo adzabwerako akuganiza kuti ngakhale chithandizo chimene anthu akuchitama chamulephera. Komanso zimene anayeza ndi phukusi lonse pamodzi, kukambirana ndi agogo kuphatikiza gulu la anzawo, choncho sitingaloze chimodzi n'kunena kuti mphamvu yonse ili apa.

Abambo, pali nkhani yanu. Mwa anthu 573 aja, 495 anali amayi. Abambo anali 78 okha. Zimenezi sizikutanthauza kuti benchi silithandiza amuna, koma kuti umboni wake waukulu ndi wa amayi, chifukwa ndiwo amapezeka kwambiri pa mzere wa kiliniki. Ine ndingakonde kuti abambo a ku Mufakose, Mabvuku ndi Highfield amene ntchito inawathera ndipo akungokhala chete azipitako, koma sindilemba mu uthengawo kuti kafukufuku watsimikizira za amuna mofanana ndi za amayi. Ana nawonso sanalimo. Onse anali a zaka 18 kupita m'tsogolo.

Anthu 238, amene ndi pafupifupi 42 pa 100, anali ndi kachilombo ka HIV. Ndi nkhani yolimbikitsa kwa abale athu amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo, kuti anthu ngati iwo anali ambiri m'kafukufukuyu. Koma palibe amene anauzidwa kusiya mankhwala ake, kaya a kachilombo, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a maganizo amene adokotala anamulembera. Chiganizo cha mankhwala chija ndachiika chifukwa tonse tinamvapo za munthu amene anataya mapiritsi atamva uthenga wosangalatsa.

Chiganizo chomaliza ndicho sindingalole kuti chidulidwe ngakhale pang'ono. Ofufuzawo sanatenge anthu amene ananena kuti akufuna kudzipha, amene mutu unali utasokonekera moti akuona kapena kumva zinthu zomwe palibe, amene anali kale pa chithandizo cha madokotala a maganizo, komanso amene nzeru zinayamba kuwathawa chifukwa cha ukalamba. Choncho manambala a 14 ndi 50 sakunena za iwo. M'bale wanu akayamba kulankhula zoti moyo wamukwana, kugawa katundu wake kapena kufunsa za mankhwala a makoswe, musamusiye yekha ndipo musadikire tsiku la benchi. Pitani naye kwa anamwino a pa kiliniki yapafupi, kapena ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe, chimene ambiri timachitchulabe kuti Gomo. Zipatala ziwirizi zili ndi mbali yoona za matenda a maganizo.

Amene akufuna kuyesa benchi afunse anamwino ngati lilipo pa kiliniki yawo ndi masiku amene agogo amakhalapo. Ngati mukuchita manyazi kupita nokha, uzani mmodzi wa ife a komiti Lamulungu tikaweruka, tidzakuperekezani mpaka pageti, ndipo zimene mukakambirane kumeneko sitidzakufunsani.