Kalata yokana ntchito ya wowerengera ndalama

Kwa Mkulu Woona za Antchito,

Bwana,

Ndikulemba potsatira zomwe tinakambirana pa foni dzulo masana, kuti mukhale ndi choika m'failo.

Kalata yanu yondipatsa ntchito ya wowerengera ndalama inandipeza Lachiwiri, ndipo ndikuthokoza kwambiri kuti mwa onse amene munawayitana ku mafunso munasankha ine. Koma pepani, ntchitoyi sinditha kuyiyamba. Ndavomera ina kwina, ndipo mgwirizano wake ndinasayina Lachitatu. Ya kumeneko ndi yokhazikika, pomwe yanu ndi ya kontirakiti ya miyezi 12, komanso andilola kumaweruka msanga masiku awiri pa sabata kuti ndimalize maphunziro anga. Sikuti ndaona cholakwika kwa inu ayi. Ndinenenso poyera kuti sindikunenerera malipiro. Ndaganiza mofatsa ndipo ndatsimikiza mtima, choncho musavutike n'kukonza kalata ina.

Munandipatsa masiku 7 oti ndiyankhe, koma ndaona kuti kudikira tsiku lomaliza kungakhale kukulakwirani. Amene anabwera pambuyo panga pa mafunso aja angapeze kwina mukachedwa kumuuza, inu n'kuyambanso kulengeza malowa.

Pali zingapo zofunika kuzikonza. Makope awiri a mgwirizano amene munanditumizira sindinasayine, ndipo ndidzawabweza ndekha ku ofesi yanu Lolemba m'mawa. Tsiku lomwelo ndikupempha kudzatenga satifiketi yanga yeniyeni imene ndinasiya kuti muitsimikize. Mafotokope okha mukhoza kuwasunga.

Fomu ya akaunti ya kubanki ndi ya penshoni ndinatumiza kale pa imelo. Chonde auzeni a malipiro asandilowetse m'kaundula wawo, chifukwa dzina likalowa mwezi usanatsekedwe, ndalama zimatha kupita kwa munthu amene sanagwire ntchito, ndipo kuzibweza kumakhala chintchito. Munandikonzeranso zokapimidwa kuchipatala Lachisanu likudzali nthawi ya 9 koloko. Kumeneko sindipita, ndiye ndi bwino muwadziwitse lero kuopa kuti angakulipiritseni pachabe. Anthu atatu ondichitira umboni aja ndawauza kale, palibe chifukwa chowayimbiranso.

Mundithokozere onse amene anali pa mafunso, makamaka mayi oyang'anira za chuma. Mafunso atatha anapatula nthawi kundionetsa momwe mumayanjanitsira mabuku anu ndi sitetimenti ya kubanki pakutha pa mwezi, ngakhale panali anthu ena akuwadikira pakhomo. Ndinaphunzirapo kanthu, ndipo n'chifukwa chake kalatayi yandivuta kulemba.

Ndikupepesa chifukwa cha nthawi imene mwataya pa ine. Mukailandira kalatayi, chonde ndiyankheni mwachidule pa imelo yomwe takhala tikulemberanayi, kuti ndidziwe kuti malowa mwawatsegulira wina.

Ine wanu mwaulemu,
Amene munamusankha pa ntchito ya wowerengera ndalama